Lithiyamu wa ulendo woyamba amapita kuti? Za kakhungu ka SEI pa girafaiti

Funso: Ndikuphunzira kupanga timaselo ta lithiyamu mulabu, tija tooneka ngati ndalama yachitsulo. Ku katodi ndinaika 20 mg ya LiFePO4, ku anodi 10 mg ya girafaiti, ndipo elekitirolaiti ndi 1 M LiPF6 mu EC ndi DMC. Potchaja koyamba munalowa 3.20 mAh, koma potulutsa ndinangopeza 2.88 mAh. Pa ulendo wa 25 ndinapeza 2.82 mAh, pa wa 100 ndapeza 2.76 mAh. Kodi girafaiti wangayu ndi woonongeka? Nanga 0.32 mAh ija ingabwerenso?

Yankho: Musamutaye girafaitiyo. Malinga ndi manambala mwatumizawa, ali bwinobwino, ndipo selo yanu ikuchita zimene selo yabwino ya mtundu umenewu imachita. Koma 0.32 mAh ija ndiye musaiyembekezere, siidzabwera. Chimene chachepa si malo osungira lithiyamu m'girafaiti ayi. Wachepa ndi lithiyamu mwiniwake. Wina mwa iye anathera pomanga kakhungu kopyapyala kwambiri pamwamba pa timibulu ta girafaiti, kamene m'mabuku kamalembedwa SEI, ndipo lithiyamu akalowa m'kakhunguko wakhala mchere, sayendanso pakati pa katodi ndi anodi.

Gwero la zonsezi ndi voliteji. Tikayeza girafaiti poyerekeza ndi chitsulo cha lithiyamu, akamadzaza amatsika mpaka pakati pa 0.25 V ndi 0.05 V. Kutsika kumeneku ndiko kumatipatsa selo ya voliteji yokwera, n'chifukwa chake timamukonda. Vuto ndi loti madzi osungunulira mchere amene tili nawo, monga etilini kaboneti, EC wanuyo, sapirira pansi chotero. Anodi ikangofika cha m'ma 0.8 V, EC amayamba kulandira maelekitironi n'kusweka. Ndiye kuti potchaja koyamba, lithiyamu wambiri asanalowe m'girafaiti, anodi imayamba yadutsa m'dera limene elekitirolaiti ikuwonongeka. Njira ziwiri zodziwika kwambiri ndi izi:

```
2 EC + 2 Li+ + 2 e-  →  (CH2OCO2Li)2 + C2H4
EC + 2 Li+ + 2 e-    →  Li2CO3 + C2H4
```

Taonani kuti m'mizere yonse iwiri elekitironi iliyonse ikupita ndi lithiyamu wake. Makina anu otchajira amangowerenga maelekitironi amene adutsa m'waya, sadziwa ngati akasungidwa m'girafaiti kapena athera pophwanya EC. Choncho 3.20 mAh ija ndi yoona ndithu, kungoti gawo lina linalowa m'njira yosabwerera. Mchere wa LiPF6 nawo umasweka n'kusiya LiF. Zinthu zimenezi sizisungunuka bwino m'elekitirolaiti, motero zimakanirira pomwe zabadwirapo. Kufupi ndi girafaiti kumachuluka mchere wolimba monga LiF, Li2CO3 ndi Li2O, pamene kunja, koyang'ana kumadzi, kumakhala zofewa ndi zamabowo. C2H4 yekha ndi mpweya wa etilini, amathawa. M'maselo akuluakulu a m'thumba, opanga amasiya kathumba kapadera kotolera mpweyawu, kenako amakaboola, kuyamwa mpweya, n'kumatanso selo.

Chimene chimatipulumutsa ndi khalidwe la kakhunguka. Maayoni a lithiyamu amadutsamo, koma maelekitironi amavutika kudutsa, ndipo timamolekyu ta EC timene timazinga ayoni iliyonse timatsalira kunja. EC sangaswekenso popanda kukumana ndi elekitironi, ndiye kakhungu kakakwanira ponseponse, kusweka kuja kumatsika kwambiri. Kali ngati nkhanambo pa bala: kamapangidwa ndi chimene chikutayikacho, ndipo ndiko kamaletsa kuti chipitirire kutayika. Emanuel Peled, katswiri wa ku Isiraeli, ndiye anakafotokoza n'kukapatsa dzinali mu 1979, pomwe nkhani inali ya chitsulo cha lithiyamu ndi zinzake, girafaiti asanalowe m'mabatire ogulitsa.

Kuti muone kuti kakhunguka si chilema, taonani zimene zimachitika kakapanda kugwira. Poropilini kaboneti, amene pa botolo amalembedwa PC, amasiyana ndi EC pa kagulu kamodzi kokha ka CH3. Koma mukaika PC yekha pa girafaiti, voliteji imaima cha m'ma 0.8 V osatsikanso. PC amalowa pakati pa timapepala ta girafaiti pamodzi ndi lithiyamu, amaswekera m'kati momwemo n'kutulutsa mpweya, ndipo timapepalato timakanganuka. Pakaonekera malo atsopano, PC wina amasweka pomwepo, osalekeza. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene maselo oyamba a Sony a mu 1991 sanagwiritse girafaiti koma kaboni wa mtundu wina, wosasanjika bwino. Mu 1990 Rosamaria Fong, Ulrich von Sacken ndi Jeff Dahn anasonyeza kuti EC akakhalamo, girafaiti amalandira ndi kubweza lithiyamu bwinobwino, ndiponso kuti moto wotayika pa ulendo woyamba umayenderana ndi kukula kwa malo a pamwamba pa kaboni. Mfundo yachiwiriyi ndiyo ndikufuna muigwiritse, chifukwa ikuyankha funso lanu mwachindunji.

Tiyeni tiwerenge ndi selo yanu yomweyo. LiFePO4 wabwino amapereka pafupifupi 160 mAh pa galamu, ndiye 20 mg ikupereka 3.2 mAh, ndendende zimene munaona. Lithiyamu yense woyenda m'selo yanu ndi ameneyu, palibenso kwina kumene angachokere, popeza girafaiti anabwera wopanda kanthu. Girafaiti akadzaza mpaka LiC6 malire ake ndi 372 mAh pa galamu, koma pa ntchito timapeza cha m'ma 350, ndiye 10 mg yanu ili ndi malo a 3.5 mAh. Mwataya 0.32 mAh pa 10 mg, kutanthauza 32 mAh pa galamu ya girafaiti. Girafaiti wa masiku ano amabweza pakati pa 90% ndi 94% pa ulendo woyamba, ndiye inu, ndi 2.88 mAh pa 3.20 mAh imene ndi 90%, muli kumapeto a m'munsi a malire abwino, koma simunatulukemo.

Tsopano funso lokoma ndi ili: 0.32 mAh ingamange kakhungu kochindikala bwanji? Pepala lobwera ndi girafaiti wanu lili ndi nambala ya BET, imene imanena kukula kwa malo a pamwamba pa ufawo. Ndingotenga 3 m² pa galamu monga chitsanzo, inu muikepo yanu.

```
0.32 mAh × 3.6             = 1.15 C
1.15 C ÷ 96485 C/mol       = 1.2e-5 mol Li
Li2CO3: 6.0e-6 mol × 73.9  = 0.44 mg
0.44 mg ÷ 2.11 g/cm³       = 2.1e-4 cm³
10 mg × 3 m²/g             = 300 cm²
2.1e-4 cm³ ÷ 300 cm²       = 7 nm
```

Kadisiki ka selo ngati yanuyi m'maso kawirikawiri sikafika ndi 2 cm² pomwe, koma elekitirolaiti ikuona 300 cm², chifukwa imalowa pakati pa timibulu tonse n'kunyowetsa mbali zonse. Lithiyamu amene watayika ndi wochepera 0.1 mg, ndipo akanakhala kuti yense wasanduka Li2CO3, bwenzi atapaka malo onsewo ndi kakhungu ka 7 nm. Kakhungu kenikeni kamakhala kochindikala kuposa pamenepa, poti mchere wina uja wa mzere woyamba ndi wotupa kwambiri ndipo mumakhala timabowo. Komabe yankho likugwera pomwe oyeza ndi makina amapeza, kuyambira ma nm ochepa mpaka makumi angapo. Nambala yanu ikukwanirana ndi kakhungu kabwinobwino. Mukanataya 1 mAh, pamenepo ndikanati tifufuze china.

Kuwerengaku kukuululanso wakuba wina amene ambiri samuganizira. Mwina munathira kaboni wakuda uja wothandiza magetsi kuyenda, tinene 2% ya kulemera kwa girafaiti. Ndi 0.2 mg chabe, koma ufa umenewu uli ndi malo okwana cha m'ma 60 m² pa galamu, ndiye ukuwonjezera 120 cm² pa 300 cm² zija. Nawonso uli pa voliteji yomweyo, nawonso ufuna kakhungu kake, pamene lithiyamu amene umasunga ndi wosanunkha kanthu. Girafaiti amadutsitsa magetsi bwino payekha, ndiye ine ku anodi ndimaona kuti 1% imakwana pa ntchito zambiri za mulabu. Chimodzimodzinso ufa wa girafaiti wosalala kwambiri: umatchajika msanga chifukwa lithiyamu sayenda mtunda wautali m'kambulu, koma mumalipira ndi malo ambiri ofuna kukutidwa. Ngakhale kupsinja elekitirodi mopyola muyeso kumaphwanya timibulu n'kutsegula malo atsopano. Ndiponso malo onse si ofanana. M'mphepete mwa timapepala ta girafaiti, momwe lithiyamu amalowera, ndimo mumadya moto wambiri kuposa pankhope yosalala, n'chifukwa chake opanga amaviringa girafaiti wachilengedwe kukhala timipira n'kumukuta ndi kaboni wina wopyapyala.

Pali chifukwa china chimene chikupangitsa kuti kutayikaku kuoneke poyera chonchi kwa inu. LiFePO4 amalandiranso pafupifupi lithiyamu yense amene anatulutsa. Ndiye potulutsa moto, chimene chimayamba kutha ndi lithiyamu wa m'girafaiti, katodi ikadali ndi malo opanda kanthu. Kalikonse kamene kakhungu kadya kamaonekera pa sikirini nthawi yomweyo. Mnzanu amene akugwiritsa katodi ya NMC, yokhala ndi nikeli, manganizi ndi kobolti, amaona zina. Katodi imeneyo payokha imalephera kulandira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi la lithiyamu amene inatulutsa koyamba. Zotayika ziwirizi siziphatikizana, m'selo yathunthu mumaoneka chimene chakula pa ziwirizo. Ngati katodi ndiyo ikukana kwambiri, m'girafaiti mumatsala lithiyamu wapadera, ndipo kakhungu kamayamba kadya ameneyo mwakachetechete kapasite isanayambe kutsika. Choncho musadzidandaulire poona mzere wa mnzanuyo uli wowongoka pa maulendo oyamba. Kakhungu kake kakudyanso, kungoti sizinafike poonekera.

Tibwere ku manambala anu ena awiri, amene kwa ine ndi ofunika kuposa oyamba aja. Pa ulendo wa 25 munali mutataya 0.06 mAh kuchoka pa 2.88. Pa ulendo wa 100 mwataya 0.12 mAh. Maulendo achuluka kanayi, koma kutayika kwangowirikiza kawiri. Chimenechi ndi chizindikiro cha kakhungu kamene kakukula modziletsa kokha. Kuti EC wina asweke, china chake chiyenera kuwoloka kakhungu kamene kalipo kale, kaya ndi elekitironi yotuluka kapena molekyu yolowa m'timabowo. Kakachindikala kawiri, kuwolokako kumachedwa kawiri. Masamu ake amathera apa, pomwe Q ndi kapasite yotayika, t ndi nthawi, ndipo k ndi nambala yonena liwiro limene kakhungu kakudyera lithiyamu:

```
Q = k × √t
√25  = 5    →  0.06 mAh
√100 = 10   →  0.12 mAh
√400 = 20   →  0.24 mAh
```

Ngati palibe chosintha, pa ulendo wa 400 muyembekezere pafupifupi 2.64 mAh. Jambulani kapasite yotayika moyang'anizana ndi √t, muone ngati madontho akugwera pa mzere wowongoka. Koma chonde t ikhale maola, osati nambala ya maulendo. Kwa inu ziwirizi zikufanana chifukwa maulendo anu akutenga nthawi yolingana. Kakhunguka sikawerenga maulendo, kamakula ola lililonse limene girafaiti ali pa voliteji yotsika, ngakhale selo ili pa shelefu. Anthu ambiri amanyengeka apa. Amayendetsa selo imodzi pa 1C, liwiro lodzaza selo m'ola limodzi, ina pa C/10, liwiro lodzaza m'maola khumi, n'kuona kuti yofulumirayo yataya zochepa pa maulendo 100, ndiye amati kufulumira n'kwabwino. Chonsecho yofulumirayo yangokhala masiku ochepera khumi pamene inzake yakhala pafupifupi miyezi itatu.

Zinthu ziwiri zimakweza k uja. Choyamba ndi kutentha. Mwachidule tingati madigiri 10 aliwonse owonjezera amawirikiza liwiro la kusweka pafupifupi kawiri. Pa kutentha, mchere wofewa wa kunja uja umasungunuka kapena kusanduka wina, ndipo LiPF6 amasweka msanga kukhala LiF ndi PF5, amene amalusira kakhungu. Chachiwiri ndi kudzaza. Girafaiti satsika voliteji mosalala, amatsika mwa masitepe, cha pa 0.21 V, 0.12 V ndi 0.085 V. Akadutsa theka la kudzaza, kuchoka pa LiC12 kulowera ku LiC6, amakhala pa sitepe yotsikitsitsa, pomwe mphamvu yokankhira maelekitironi ku EC ndi yaikulu. N'chifukwa chake selo yosungidwa yodzaza pamalo otentha imakalamba msanga kuposa yosungidwa pa theka kapena kucheperapo pamalo ozizira.

Kuyendetsa selo nako kumawonjezera pake. Lithiyamu akalowa, mpata wa pakati pa timapepala ta girafaiti umakula kuchoka pa 0.335 nm kufika pa 0.370 nm, pafupifupi 10%. Kambulu kalikonse kamatupa n'kuphwa ulendo uliwonse, ndipo mchere wolimba wa pamwamba pake sutambasuka chotero. Umang'aluka, girafaiti n'kuonekera, ndipo kukonza mng'aluwo kumadyanso lithiyamu. Gawo limeneli silichepa ndi nthawi ngati lija la √t, limabwera pafupifupi mofanana ulendo uliwonse. Pa girafaiti yekha ndi laling'ono. Mukadzasakaniza silikoni, amene amatupa pafupifupi 300%, mudzaona kuti ndilo likulamulira.

Tsono mungatsimikize bwanji kuti zimene ndikunenazi ndizo zikuchitikadi m'selo yanu? Umboni woyamba muli nawo kale m'fayilo ya ulendo woyamba. Jambulani dQ/dV ya kutchaja koyamba, kutanthauza moto wolowa pa kukwera kulikonse kwa voliteji, muyang'ane pansi pa 3.0 V. LiFePO4 amakhala pa 3.43 V osasuntha, ndiye anodi ikakhala cha pa 0.8 V, selo yonse imaonetsa cha m'ma 2.6 V mpaka 2.7 V. Pamenepo mupeza kaphiri kakang'ono, ndiko kusweka kwa EC. Ikani ulendo wachiwiri pamwamba pake, muona kaphiriko kulibe. Ndikuchenjezeni kuti moto wa pansi pa kaphiriko ukhala wochepera 0.32 mAh. Musadabwe, kakhungu kamapitiriza kumangika pamene lithiyamu akulowa m'girafaiti, ndipo gawo limenelo limabisala m'mapiri aakulu a pamwamba pa 3.2 V. Ngati mukuona kaphiri kena pansi kwambiri, anodi isanatsike n'komwe, kaikirani chinyezi.

Umboni wachiwiri sufuna kutsegula selo. Yendetsani ulendo umodzi pang'onopang'ono, pa C/20, ndipo mujambule dV/dQ, kusintha kwa voliteji pa moto uliwonse wolowa. Popeza LiFePO4 ndi wathyathyathya, tinsonga tonse timene muone ndi ta girafaiti akamachoka pa sitepe ina kupita pa ina. Yezani mtunda, mu mAh, pakati pa tinsonga tiwiri, kenako muyerekeze ndi ulendo wapang'onopang'ono wa selo ikadali yatsopano. Mtunda umenewo umadalira kuchuluka kwa girafaiti amene akugwira ntchito. Ngati sunasinthe koma chigawo chomaliza, kuchokera pa nsonga ya LiC12 kukafika pothera kutchaja, chafupika, ndiye kuti girafaiti yense alipo koma lithiyamu womudzaza wachepa. Ngati mtunda wa pakati pa tinsongato wafupikanso, pamenepo timibulu tina taleka kugwira ntchito, mwina tamatuka pa kopa kapena tadukana ndi tinzake.

Wachitatu ndi wotsimikiza koposa, kungoti selo imodzi ifa. Itulutseni moto wonse, muitsegule m'bokosi la mpweya wa agoni, mutsuke timadisiki mopepuka ndi DMC, ndipo kalikonse mukaike m'selo yatsopano moyang'anizana ndi chitsulo cha lithiyamu. Ngati vuto ndi kakhungu, katodi ija ilandira lithiyamu wosowayo n'kubwerera kufupi ndi 3.2 mAh, girafaiti nayenso apereka kufupi ndi 3.5 mAh. Zonse ziwiri zili moyo, chimene chinasowa ndi choyenda pakati pawo. Apa pali phunziro lina lofunika. Selo ya girafaiti ndi chitsulo cha lithiyamu imabisa matenda amenewa kotheratu, chifukwa chitsulocho ndi nkhokwe yaikulu imene imabwezeretsa chilichonse chodyedwa. Mutha kuona kapasite yosasuntha maulendo 200 n'kukondwa, chonsecho kakhungu kakudya. M'selo yotero musayang'ane kapasite, yang'anani gawo la moto wobwerera poyerekeza ndi wolowa. Ngati likukhala pa 99.9% ndipo chosowacho chonse ndi lithiyamu wothera m'kakhungu, selo yathunthu ikanatsala ndi 61% pa maulendo 500. Pa 99.99% ikanatsala ndi 95%. Kusiyana kwa manambala awiriwa n'kochepa moti makina wamba a mulabu, m'chipinda chimene kutentha kumasinthasintha, sangakusiyanitse modalirika.

Pali zinthu ziwiri zimene zimavala nkhope ya SEI pa maulendo oyamba, ndipo chimodzi ndikuchiopa pa selo yanu. Simunanene kukula kwa timadisiki. Ambiri amadula katodi ya 14 mm ndi anodi ya 15 mm kuti zisaphonyane, ndipo n'zoyenera. Koma ngati ndi choncho, kuyerekeza 3.5 ndi 3.2 n'kupeza 1.09 n'kudzinamiza. Katodi ya 14 mm ili ndi 1.54 cm², ndiye ikupereka 2.08 mAh pa cm². Anodi ya 15 mm ili ndi 1.77 cm², ndiye ikulandira 1.98 mAh pa cm². Pomwe ziwirizi zayang'anizana, chiwerengero chenicheni ndi 0.95. Chikukupulumutsani ndi kakhungu komweko, kamene kadya gawo la lithiyamu, koma muli m'mphepete mwa phompho. Mukatchaja mofulumira kapena pozizira, girafaiti atsika pansi pa 0 V ndipo lithiyamu ayamba kumatika pamwamba ngati chitsulo m'malo molowa m'kati. Chitsulo chimenecho chimamanga kakhungu kakekake, china chimaduka n'kufa, ndipo kapasite imagwa mofulumira osatsata √t. Mukatsegula selo yodzaza m'bokosi la agoni mutha kuona ndi maso: girafaiti wodzaza bwino amawala ngati golide, pamene lithiyamu womatika amaoneka ngati madontho otuwa kapena asiliva, kawirikawiri mozungulira pomwe panathera katodi. Pa maselo otsatira, konzani kuti pa cm² iliyonse anodi ipose katodi ndi 10% kapena kuposerapo pang'ono.

Chinacho n'chosaopsa. Mkombero wa anodi umene watulukira kunja kwa katodi umayamwa lithiyamu pang'onopang'ono kuchokera pakati, makamaka selo ikamakhalitsa yodzaza. Pa makina zimaoneka ngati kapasite ikutayika, koma lithiyamu ameneyu sanafe. Siyani selo yopanda moto kwa masiku angapo, muyezenso. Chimene chabwerera chinali m'mphepete, chimene sichinabwerere ndicho cha kakhungu. Pa timadisiki ta 14 mm ndi 15 mm tija mkomberowo ndi 13% ya anodi yonse, ndiye mbali ina ya 0.12 mAh ija itha kukhala ya kumeneko.

Nanga mungachepetse bwanji? Ine ndimayamba ndi madzi, chifukwa ndiwo amawononga maselo ambiri a ophunzira. PF5 akakumana ndi chinyezi amabala POF3 ndi HF, ndipo HF amadya Li2CO3 wa m'kakhungu n'kutsegula mabowo ofuna kutsekedwanso. Amathanso kusungunula aironi pang'ono ku katodi yanu, kapena manganizi ku makatodi ena, ndipo zitsulozi zikakakhala pa anodi zimathandiza maelekitironi kudutsa, kakhungu n'kumakula mosalekeza. Elekitirolaiti yabwino imakhala ndi madzi osapitirira 20 ppm. Umitsani maelekitirodi usiku wonse m'uvuni yopopedwa mpweya pa madigiri 110 mpaka 120, muwalowetse m'bokosi osawagoneka pabwalo. LiFePO4, pokhala ufa wosalala wokutidwa ndi kaboni, amayamwa chinyezi msanga kuposa makatodi ambiri. Botolo la elekitirolaiti likayamba kuoneka lachikasu, lisiyeni.

Kenako ndi mmene mumachitira ulendo woyamba. Mukatseka selo, ipatseni maola angapo kuti elekitirolaiti ilowe m'timabowo tonse, chifukwa malo ouma samanga kakhungu pamodzi ndi anzawo. Osaigoneka masiku ambiri isanatchajidwe, poti girafaiti wopanda lithiyamu amakhala pamwamba pa 3 V, pafupi ndi pomwe kopa amayamba kusungunuka. Tchajani pa C/20, imene kwa inu ndi 0.16 mA, makamaka mpaka selo idutse 3.0 V, ndipo muchite maulendo awiri kapena atatu osapitirira C/10 musanayambe kuyesa kwenikweni. Kapasite ya pambuyo pa maulendo amenewa ndiyo muziitenga ngati 100%. Mafakitale amatero, ndipo n'chifukwa chake wogula batire saona kutayika koyambaku: nambala yolembedwa pa batire ndi ya pambuyo pake, ndipo katodi yowonjezera yolipirira kakhungu inawerengedwa kale m'kati.

Chomaliza ndi vinilini kaboneti, VC, pa 1% mpaka 2% ya kulemera kwa elekitirolaiti. Iyeyu amasweka anodi ikadali pamwamba pa 1 V, EC asanayambe, ndipo amalukana kukhala kakhungu kolimba koma kotambasuka. Pa dQ/dV muona kaphiri ka EC kachepa kapena kuzimiririka, kena n'kutulukira pa voliteji yotsikirapo, ndipo mpweya umachepa. Musayembekezere kuti 0.32 mAh ija itsika kwambiri chifukwa cha VC, malo aja ayenera kukutidwabe. Phindu lake lili pa k, makamaka pa kutentha. Mukapyoza muyeso, kakhungu kamakanika kudutsitsa maayoni, selo imafooka pozizira, ndipo lithiyamu amayamba kumatika msanga. Pangani maselo atatu okhala ndi VC ndi atatu opanda, kuchokera pa pepala limodzi la elekitirodi, muwayendetse pa kutentha kumodzi, ndipo muyerekeze kupendekeka kwa mizere yawo ya √t. Selo imodzi mbali iliyonse siikwana, chifukwa timaselo ta mtundu umenewu timasiyana tokhatokha ngakhale dzanja lopanga likhale limodzi.